Mmene mungachepetsere tulo ta masana ta mwana, kuchoka pa katatu kufika pa kawiri kenako kamodzi, popanda kumutopetsa

Amayi anzanga, azibambo ndi agogo omwe akhala akundifunsa funso limodzimodzi, lakuti mwana amene ankagona bwino masana wayamba kukana tulo, ndipo madzulo akumalira mosatonthozeka, nanga pamenepa achite chiyani. Ndayankha pamzere wa sikelo, ndayankha pakhonde, ndayankhanso pafoni usiku mwana akumveka kulira chapatali, choncho ndaganiza zolemba yankho lonse pamalo amodzi. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti tulo ta masana sitichotsedwa tsiku limodzi ngati kuzula dzino, koma timasunthidwa pang'onopang'ono, ndipo pa masiku osunthawo chimene chimateteza mwana ndi kumugoneka msanga madzulo.

Poyamba ndifotokoze mawu awiri amene ndiwagwiritse ntchito kawirikawiri. Ndikati "nthawi ya maso" ndikutanthauza maola amene mwana amakhala ali maso kuchokera pamene wadzuka kufikira pamene wagonanso, ndipo amawerengedwa kuyambira pamene watsegula maso, osati pamene mwamunyamula. Ndikati "kutopa kopyola" ndikunena za mwana amene nthawi yake yogona yadutsa ali maso, thupi n'kuyamba kudzilimbitsa ndi mahomoni monga kotizolo ndi adirenalini. Mwana wotere saoneka wa tulo ayi, m'malo mwake amasewera mwaphuma, kuseka kenako kulira nthawi yomweyo, kudzipinda msana mukamunyamula, kugwira bere n'kulisiya, ndipo akagona amadzidzimuka pakangotha mphindi 30 kapena 40. Ambiri amati mwanayo ndi waliuma, pamene vuto lake ndi tulo timene tinamupitirira.

Malangizo a bungwe la WHO a chaka cha 2019 amati mwana wa miyezi 4 mpaka 11 azigona maola 12 mpaka 16 pa tsiku lonse, kuphatikiza usana ndi usiku, ndipo wa chaka chimodzi mpaka ziwiri azigona maola 11 mpaka 14. Manambala amenewa ndiwo muyeso wanu pa ntchito yonseyi, chifukwa pochepetsa maulendo ogona masana simukufuna kuti maola onse a tulo agwe mwadzidzidzi, mukungowagawa mwa mtundu wina.

1. Tsimikizani kuti nthawi yakwanadi

Ana ambiri amasiya tulo tachitatu pakati pa miyezi 6 ndi 9, ndipo amatsala ndi tulo kamodzi pakati pa miyezi 13 ndi 18. Msinkhu paokha sukwanira, muyenera kuonanso zizindikiro. Mwana wokonzeka amakana tulo tomalizira ta masana ngakhale mutamubereka kumbuyo n'kuyenda naye, kapena amagona mochedwa kwambiri moti madzulo tulo sitimubwera mpaka 9 koloko, kapena amayamba kudzuka pakati pa usiku n'kumasewera mosangalala kwa ola lathunthu, kapenanso kudzuka 4 koloko mbandakucha ali wokhutira ndi tulo. Zimenezi zichitike masiku ambiri pa milungu iwiri, osati kawiri kapena katatu kokha.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi kufulumira. Mwana akamamera mano, akakhala ndi chimfine, akamaphunzira kukwawa kapena kuimirira chogwirira, kapena pakhomo pakabwera alendo, amakana tulo kwa masiku angapo kenako n'kubwerera mwakale. Msampha waukulu uli pa miyezi 11 kapena 12, pamene ana ambiri amakana tulo tachiwiri kwa mlungu umodzi kapena iwiri chifukwa mtima wawo uli pa kuphunzira kuyenda. Mayi akaganiza kuti mwana wakula n'kumusiyira tulo kamodzi pa msinkhu umenewu, kawirikawiri amakolola milungu yambiri ya kulira ndi kudzuka usiku. Pitirizani kumugoneka pa nthawi yake, ngakhale angogona chete osatseka maso, ndipo nthawi zambiri tulo timabwerera tokha.

Pali chinthu chimodzi chimene sichidikira milungu iwiri. Mwana amene wayamba kugona mopitirira mwadzidzidzi, wovuta kumudzutsa, wotentha thupi, wokana kuyamwa kapena wofooka, nkhani yake si ya ndondomeko ya tulo, ndipo kuno kwathu kumene malungo ndi ofala muyenera kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

2. Lembani tsiku la mwana kwa masiku asanu musanasinthe kanthu

Tengani kope kapena kuseri kwa kalendala, muzilemba nthawi imene wadzuka, imene wagona, ndi imene wadzukanso. Ngati masana mwana amatsala ndi agogo ake kapena womulera, apempheni kuti azilembanso kapena azikuuzani poyang'ana wotchi ya pafoni. Zimene timakumbukira pamutu zimatinamiza, makamaka tikakhala kuti nafenso sitinagone.

Ndipereke chitsanzo cha mwana wa mng'ono wanga, amene tinamuthandiza ali ndi miyezi 7 ndi theka. Ankadzuka 6:00 m'mawa, kugona 8:15 mpaka 9:30, kugonanso 12:00 mpaka 1:15, kenako katulo kachitatu 3:45 mpaka 4:15, ndipo usiku ankagona 7:00. Nthawi yake ya maso inali pakati pa maola awiri ndi mphindi 15 ndi maola awiri ndi mphindi 45. Kenako katulo kachitatu kaja kanayamba kuvuta. Amayi ake ankamubereka kuyambira 3:45, n'kumazungulira naye pabwalo akuanula zovala, iye maso ali gwa, kukoka mpango wawo, n'kudzagona cha m'ma 5 koloko, ndipo akatero usiku ankafika 9 koloko akusewera. Kopelo litatisonyeza kuti izi zachitika masiku 9 mwa masiku 14, tinadziwa kuti nthawi yakwana.

3. Sunthani tulo toyamba mphindi 15 pa masiku atatu alionse, tachiwiri tizitsatira

Mwana wogona kawiri masana amafunika kupirira maola pafupifupi atatu ali maso m'mawa, atatu pakati, ndi atatu ndi theka madzulo. Kuchoka pa maola awiri ndi pang'ono kufika pamenepo ndi mtunda wautali kwa khanda, n'chifukwa chake timayenda pang'onopang'ono. Kwa mwana uja, masiku atatu oyamba tinamugoneka 8:30 m'malo mwa 8:15, masiku atatu otsatira 8:45, kenako 9:00. Tulo tachiwiri tinkasuntha motsatira, kuchoka pa 12:00 kufika pa 12:30, kenako 1:00, pomalizira 1:15.

Mphindi 15 zowonjezerazo muzidzaze ndi zinthu zofatsa koma zokopa maso. Tulukani naye panja pamthunzi aone nkhuku ndi masamba akugwedezeka, mupukuteni kumaso ndi kansalu konyowa, kapena musintheni thewera pa nthawi imeneyo. Musamubereke kumbuyo, musakwere naye minibasi, ndipo musamuyamwitse mutagona naye pamphasa, chifukwa zonsezi zimamugonetsa nthawi isanakwane. Mukaona kuti wayamba kuyang'ana malo amodzi osaphethira, kutikita maso, kukoka khutu kapena kuyasamula mobwereza, mugonekeni ngakhale patatsala mphindi 5 kuti nthawi ya pa kope ikwane. Wotchi imakuthandizani kuyembekezera, koma nkhope ya mwana ndiyo imagamula.

4. Gamulani za madzulo tsiku ndi tsiku

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo. Pa milungu iwiri kapena itatu ya kusintha, mwana amakhala pakatikati, kugona katatu kwamuchulukira koma kawiri sikukumukwanira. Ngati tulo tachiwiri tatha 1:45 masana ndipo inu mukufuna kuti adikire mpaka 7:00 monga kale, ndiye kuti mukupempha khanda la miyezi 7 kuti likhale maso maola oposa asanu, chinthu chimene silingathe. Kutopa kopyola kumabadwira pa maola amenewa, pakati pa 4 koloko ndi 7 koloko, nthawi yomweyo imene inu muli pamoto kuphika ndiwo.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi yoyang'ana nthawi imene tulo tachiwiri tathera, kenako n'kuwerenga maola atatu ndi theka kutsogolo. Ngati kuwerengako kwakufikitsani pa 5:45 kapena kupitirira, musamupatse tulo tachitatu, koma mumusambitse msanga, adye msanga, ndipo agone usiku pa nthawi imeneyo. Ngati kwakufikitsani nthawi isanakwane 5:45, madzulo atalika kwambiri, ndipo mwana akufunika katulo kopulumutsira. Katulo kameneka ndi ka mphindi 15 kapena 20 zokha, cha m'ma 4:15, ndipo ndi pamene mbereko imagwira ntchito yake bwino, chifukwa mwana amene wakana kugona pabedi amagonja msanga kumsana kwa amayi ake. Pomubereka onetsetsani kuti mphuno ndi pakamwa zili poyera, chitenje sichinamuphimbe kumaso, ndipo chibwano sichinatsamire pachifuwa. Mphindizo zikakwana mumasuleni ndi kumudzutsa, ngakhale mtima ukukuwawani, chifukwa mukamulekerera ola lathunthu mwabwerera ku vuto lija la kusewera mpaka 9 koloko. Akadzuka pa katulo kotere amatha kupirira maola awiri kapena awiri ndi theka, n'kugona cha m'ma 7:00.

Kwa mwana wa mng'ono wanga zinayenda motere. Masiku atatu oyamba tulo tachiwiri tinkatha 1:45, choncho tsiku lililonse ankalandira katulo kopulumutsira. Tsiku lachisanu anagona 1:00 mpaka 2:30, ndipo tinamugoneka usiku 6:00 popanda tulo tachitatu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi galu anauwa pawindo n'kumudzutsa 1:40, ndiye katulo kaja kanabwereranso. Mlungu wachiwiri anagona katatu masiku awiri okha, ndipo pofika mlungu wachitatu anakhazikika pa 9:00 mpaka 10:15, 1:15 mpaka 2:45, ndi 6:15 madzulo. Kusinthanasinthana kwa masiku a katatu ndi a kawiri si chizindikiro chakuti mwalephera, ndi mmene kusinthaku kumayendera.

Ndikudziwa kuti kugoneka mwana 6 koloko kumamveka kwachilendo m'makomo mwathu, momwe nsima yamadzulo imapsa 7 koloko kapena 8 koloko ndipo bambo amafika kuchokera kuntchito akufuna kunyamula mwana wawo. Agogo ake a mwana uja anatsutsa poyamba, amvekere: "Mwana kugona dzuwa likadali pamwamba, adzuka pakati pa usiku ameneyu." Mantha amenewa ndi omveka, koma zimene ndaona kwa ana ambiri ndi zosiyana, chifukwa mwana amene wagona asanatope mopyola amagona tulo tabata, pamene amene wagona atalira ola lathunthu ndiye amadzukadzuka ndi kulawirira mbandakucha. Konzani phala lake kapena chakudya chake padera cha m'ma 5 koloko, osadikira mphika wa banja lonse. Bambo apeze nthawi yawo ndi mwana m'mawa asanapite kuntchito. Kugona msangaku ndi kwa milungu yochepa chabe, ndipo mwana akazolowera nthawi yaitali ya maso mudzayamba kukankhira usiku kutsogolo mphindi 15 pa masiku angapo.

5. Pa miyezi ya pakati, musagwedeze kanthu

Kugona kawiri kumakhala miyezi isanu, isanu ndi umodzi, kapena kuposerapo. Nthawi ya maso imatalika yokha pang'onopang'ono mpaka maola atatu ndi theka kapena anayi.

6. Musanachotse tulo tachiwiri, yambani mwadula ta m'mawa

Kuchoka pa kawiri kufika pa kamodzi ndi kovuta kuposa kusintha koyamba kuja, chifukwa nthawi ya maso imalumpha kuchoka pa maola atatu ndi theka kufika pa asanu kapena kuposerapo. Chizindikiro chofala ndi chakuti mwana amagona bwino m'mawa, ola ndi theka kapena maola awiri, kenako masana amakaniratu, ndipo pofika 5 koloko wasanduka wina. Makolo ambiri pamenepa amangovomereza kuti tulo ta m'mawa ndito tatsala, koma tulo timene tatha 11 koloko m'mawa timasiya maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu opanda mpumulo.

Choyamba kuchita ndi kufupikitsa tulo ta m'mawa kuti ta masana tipulumuke. Mwana wa miyezi 13 kapena 14 amene amagona 9:15, mudzutseni 10:00, ndipo ngati pakatha masiku anayi akukanabe tulo ta 2:00, mudzutseni 9:45. Njira imeneyi imatha kukugulirani mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo mwezi uliwonse umene mwana wakula umapeputsa kusintha kumene kukubwera. Pamene ngakhale mphindi 30 za m'mawa zikulepheretsa tulo ta masana kwa milungu iwiri, kapena iye mwini wayamba kukana kugona m'mawa, pitani pa sitepe yotsatira.

7. Kankhirani tulo ta m'mawa mpaka tifike pakati pa tsiku

Lekani kumudzutsa, ndipo yambani kuchedwetsa. Kwa mwana wodzuka 6:00, yambani ndi 10:00 kwa masiku atatu, kenako 10:30, kenako 11:00, mpaka mufike 11:30. Mwana wa msinkhu uwu amatha kupirira kusuntha kwa mphindi 30, koma ngati akulephera bwererani ku mphindi 15. Mudzamva ena akunena kuti tulo ta kamodzi tiyenera kuyamba 12:30 kapena 1:00, koma nthawi imeneyo ndi ya mwana wodzuka 7 koloko. Kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumayera cha m'ma 5 koloko, atambala alira kale, matsache ayamba kumveka pabwalo, ndipo mwana amene wadzuka 5:15 tulo take ta masana tiyenera kuyamba cha m'ma 10:30 kapena 10:45. Werengani maola asanu kapena asanu ndi theka kuchokera pamene wadzuka, osatengera nthawi ya mwana wa mnzanu.

Vuto loyamba ndi chakudya. Mwana amene akugona 11 koloko amaphonya nsima ya masana, ndipo akagona ndi njala amadzuka msanga. Gawani chakudya chake pawiri, adye phala lothira nsinjiro, mbatata, nthochi kapena dzira cha m'ma 10:15, kenako adzadye nsima akadzuka. Ndaonapo ana akugona mutu uli pambale, chakudya chili m'kamwa, ndipo zikatero muchotseni chakudyacho m'kamwa musanamugoneke, mawa lake mudzayambe kumudyetsa msanga.

Vuto lachiwiri ndi lakuti milungu yoyamba tulo ta kamodzi timakhala tatifupi. Thupi linazolowera kugona ola limodzi n'kudzuka, ndipo limatenga nthawi kuti liphunzire kulumikiza maola awiri. Mwana akadzuka patangotha ola, musathamangire kumutulutsa panja. Dikirani mphindi 10 ngati sakulira kwambiri, kapena lowani mwakachetechete, mumusisite pamsana, mumuyamwitse ngati akuyamwa, chipinda chikadali chamdima. Tchingani windo ndi chitenje chochindikala, muuze ana ena akasewerere kutali, ndipo m'nyengo yotentha, pamene malata amaotcha kwambiri masana, muvekeni chovala chimodzi chopepuka ndi kumugoneka m'chipinda chozizirirapo, m'neti yake monga mwa nthawi zonse. Khanda losakwana chaka lizigonekedwa chagada pamalo olimba opanda mapilo, masana ngakhalenso usiku.

Lamulo la madzulo lija likugwiranso ntchito pano, manambala okha ndiwo asintha. Werengani maola anayi ndi theka kapena asanu kuchokera pamene wadzuka masana. Ngati wagona 11:00 n'kudzuka 1:00, agone usiku cha m'ma 5:45 kapena 6:00. Ngati wagona 10:00 n'kudzuka 11:15, madzulo atalika kwambiri, choncho mupatseni katulo ka mphindi 20 kumbuyo cha m'ma 3:00. Tsiku limene wadzuka mbandakucha, kapena usiku wake sunayende bwino, kapena mwachokera ku sikelo kumene walandira katemera, mubwezereni pa kugona kawiri tsiku limenelo popanda kudandaula. Kusinthaku kumatenga mwezi, kwa ana ena milungu isanu ndi umodzi.

8. Dziwani pamene muyenera kubwerera m'mbuyo

Kutopa pang'ono madzulo pa masiku oyamba n'kosapeweka. Chimene chikusonyeza kuti mwafulumira ndi pamene zinthu zikuipiraipira m'malo mokhazikika, monga mwana kudzuka akukuwa patangotha mphindi 40 chigonereni usiku, kudzuka kambirimbiri kuposa kale, kulawirira tsiku ndi tsiku ali wokwiya osati wosangalala, kugwa pafupipafupi poyenda, ndi kugona paliponse pamene mwamukhazika. Kusiyanitsa kwake n'kwakuti mwana amene tulo tamuchulukira amadzuka usiku n'kumasewera, pamene amene tamuchepera amadzuka akulira. Wonkhetsaninso maola a pa kope lanu. Ngati mwana wa miyezi 8 watsika pansi pa maola 12, kapena wa miyezi 15 pansi pa maola 11, kwa masiku anayi kapena asanu otsatizana, bwezerani tulo timene munachotsa, mumugoneke msanga madzulo kwa mlungu wathunthu kuti abweze ngongole ya tulo, ndipo mudzayesenso pakatha milungu itatu kapena inayi.

Ngati mwana amasiyidwa kumalo osungirako ana kumene onse amagona kamodzi pa nthawi imodzi, ndipo wanu sanakonzeke, kambiranani ndi omusamalira kuti azimulola katulo ka mphindi 20 cha m'ma 9 koloko. Zikakanika, mugonekeni 5:30 kapena 6:00 masiku a ntchito, ndipo Loweruka ndi Lamlungu azigona kawiri kunyumba. Lamlungu lomwelo kumbukirani kuti mapemphero a m'mawa amagwera pa nthawi imene mukuyesa kumukhazika maso, ndipo akangoberekedwa pa ulendo wa kutchalitchi agona ndithu. Musalimbane nazo, ingoonani nthawi imene wagona, mumudzutse pakatha mphindi 20 kapena 30, kenako mumugonekenso kunyumba patapita maola atatu kapena atatu ndi theka.